Madzi amchere a 5 peresenti: bwanji botolo lina likukoma lina likuwola?

Funso lomwe anthu amakonda kufunsa akangoyamba kusasitsa masamba m'botolo kapena kuviika nsomba m'madzi amchere ndi lakuti "ndithire mchere wochuluka bwanji?" Ndiye wina amayankha kuti thirani masipuni awiri, wina akuti 3 peresenti, wina 5, winanso akuti ingoponyanimo dzira likayandama basi zatheka. Wofunsa uja amachoka mutu utazungulira kuposa mmene anabwerera. Ine ndikufuna tiyende nayo bwinobwino nkhaniyi, chifukwa masamu ake ndi ophweka kwambiri, kungoti pali kamsampha kamodzi komwe kamakola anthu ambiri, ineyo kanandikolapo, ndipo ukakadziwa zambiri zimene zimaoneka ngati tsoka zimayamba kumveka.

Tiyambe ndi masamu enieniwo. Tikati madzi amchere a 5 peresenti powerengera kulemera kwa madzi, tikutanthauza kuti pa magalamu 100 aliwonse a madzi tathirapo magalamu 5 a mchere. Mwayi wake ndi woti lita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi magalamu 1000 ndendende, ndiye simufunikanso kuvutika. Lita imodzi pa 5 peresenti ndi magalamu 50 a mchere, pa 3 peresenti ndi magalamu 30, theka la lita pa 3 peresenti ndi magalamu 15. Lamulo lake ndi ili:

mchere = madzi × peresenti ÷ 100

Zonse m'magalamu. Ngati madzi anu ndi magalamu 750 ndipo mukufuna 4 peresenti, 750 × 4 ÷ 100 ikupatsani magalamu 30. Basi, masamu a madzi atha pamenepo.

Koma chonde abale, sikelo. Sipuni imanama. Sipuni yaikulu yoyezera ya mchere wosalala uja wa patebulo imalemera magalamu 18 kapena pafupi pamenepo, koma sipuni yomweyo mukatapa mchere wamibulu kapena wopyapyala ngati mamba, pakati pa timibuluto pamakhala mpweya wambiri, mwina mungotapa theka la kulemera kuja. Ndiye anthu awiri onse akulumbira kuti anathira "masipuni atatu pa lita", wina ali pa 5 peresenti wina sanafike ndi pa 3 pomwe. Mcherenso umakoka chinyezi, ukakhala wonyowa gawo lina la zomwe mukuyezazo ndi madzi osati mchere, choncho uzikhala wouma. Kasikelo kakukhitchini kowerenga galamu imodziimodzi kamakwana pa zonse zimene ndinene pano.

Za dzira zija ndingodutsapo mwachangu. Zoona dzira laliwisi limayamba kuyandama madzi akafika cha m'ma 10 peresenti kapena kupitirira pang'ono, koma dzira likamakhalitsa mpweya umachuluka mkati mwake ndiye limayandama msanga, ndiponso silingakuuzeni kanthu pa 3 kapena 5 peresenti chifukwa pamenepo limangomira basi. Pa zosasitsa masamba lilibe ntchito.

Tsopano kamsampha kaja. Peresenti imene mwawerengera pa madzi si mchere umene chakudya chanu chidzakhale nawo pamapeto ayi. Chifukwa chake n'chakuti masambawo nawonso ndi madzi. Nkhaka ndi madzi pafupifupi 95 peresenti, kabichi ndi karoti nazonso zili cha m'ma 90. Mukaziika m'madzi amchere, mchere umalowa mkati pang'onopang'ono, madzi amkati amatuluka, mpaka mkati ndi kunja zitafanana. Ndiye kwenikweni mukaponya nkhaka m'botolo zili ngati mwathiramo madzi ena opanda mchere, kungoti madziwo abwera atavala khungu. Madzi anu amchere aja amasukuluka, ndipo kusukuluka kwake kumatengera kuti mwapanikiza masamba ochuluka bwanji m'botolomo.

Ndikupatseni zimene zinandichitikira kuti muone. Ndinali ndi mabotolo awiri ofanana a lita imodzi, madzi amchere ndinapangira limodzi m'poto mmodzi, 3.5 peresenti, tsiku limodzi, nkhaka za mulu umodzi. Botolo loyamba ndinasankhira tinkhaka ting'onoting'ono n'kutipanikiza kwambiri mpaka tinalowa magalamu ngati 600, malo otsala a madzi anali magalamu 400 okha. Lachiwiri munalowa zikuluzikulu zokhota zosiya mipata, nkhaka magalamu 400, madzi 600. Patatha sabata ndi theka lachiwiri lija linali bwinobwino, zowawasa, zokukutika, pomwe loyamba nkhaka zinafeweratu, ukafinya chala chimalowa, fungo lakenso losakhala bwino. Zinandipweteka chifukwa tinkhaka tabwino kwambiri tinali m'botolo lowonongekalo, ndipo masiku angapo ndinkangoganiza kuti mwina sindinatsuke bwino botolo.

Koma tawerengani nane. M'botolo loyamba, madzi magalamu 400 pa 3.5 peresenti ananyamula mchere magalamu 14 okha. Mchere umenewo unayenera kugawanidwa pa kilogalamu yonse ya zamkatimo, nkhaka ndi madzi pamodzi, ndiye pamapeto unangotsala 1.4 peresenti. M'botolo lachiwiri madzi magalamu 600 ananyamula magalamu 21, pamapeto pafupifupi 2.1 peresenti. Madzi a m'poto mmodzi, koma botolo lina linathera pansi pa mzere lina pamwamba pake. Ndiye mukamamva wina akuti "ine ndimagwiritsa 3 peresenti ndipo zimatheka" winanso akuti "3 peresenti imawoletsa", n'kutheka onse akunena zoona, kusiyana kwawo ndi mmene amalongera botolo.

Mzere umenewu uli pati, nanga ulipo chifukwa chiyani? Pa masamba aliwonse aawisi pamakhala tizilombo tosiyanasiyana tosaoneka ndi maso. Tina ndi mabakiteriya abwino amene amadya shuga wa m'masamba n'kutulutsa asidi, asidi yemwe amawawasitsa mkaka uja. Tina ndi toworetsa. Mchere pa 2 kapena 3 peresenti supha tizilombo tonse, umangopondereza toworetsato kuti tisathamange, pomwe mabakiteriya a asidi amaupirira. Mcherewo umakokanso madzi ndi shuga kutuluka m'masamba kupita m'madzimo kumene mabakiteriya akudikira chakudya. Ndiye ndi mpikisano. Abwinowo akatsogola asidi amachuluka, ndipo muyeso wa kuwawasa wotchedwa pH, umene umatsika asidi akamachuluka, ukafika pansi pa 4.6 ngakhale bakiteriya woopsa uja woyambitsa botulizimu, matenda obwera ndi poizoni wa m'chakudya, sangakule. Chimene chimasunga masambawo pamapeto ndi asidi, mchere ntchito yake ndi kuwapatsa anzathuwo mpata m'masiku oyamba.

Mchere ulinso ndi ntchito ina yomwe ikukhudza kukukutika. M'masamba, makamaka ku nsonga ya nkhaka kumene kunali duwa, muli ma enzaimu amene amaphwanya zomwe zimagwirizitsa mnofu wa nkhaka kuti ukhale wolimba. Mchere ukachepa ma enzaimu amenewa amagwira ntchito momasuka, n'chifukwa chake chizindikiro choyamba cha mchere wochepa chimakhala kufewa. Muzidulako kachidutswa kochepa ku nsonga ya duwa ija musanaike m'botolo, zimathandiza ndithu.

Ndiye ine mmene ndimaonera, mukamasasitsa masamba muzifuna kuti pamapeto, zonse zikafanana, mukhale pakati pa 2 ndi 3 peresenti ya zonse zamkati. Pansi pa 2 mukuchita juga. Kukatentha pitani cha ku 3, ndipo nkhaka poti sizichedwa kufewa zimafuna mbali ya kumtundayo kuposa karoti. Mukapitirira kwambiri, tinene 5 kapena 6 pamapeto, sizowola ayi koma kusasa kumachedwa ndipo mchere umawawa, mafakitale ena amasungira nkhaka pa mchere wotere m'mathanki kenako amadzazisukuluza asanazilongeze. Mukafika cha m'ma 10 mabakiteriya abwinowo nawonso amafooka, zimangokhala zamchere osati zosasa.

Apa ndi pomwe pamachokera 5 peresenti yotchuka ija. Botolo lolongedwa mwachizolowezi limakhala pafupifupi theka masamba theka madzi, ndiye 5 peresenti pa madzi imathera pa 2.5 peresenti. Munthu amene anakuuzani 5 uja anali atakuwerengerani kale kusukulukako osakuuzani. Lamuloli limagwira bola botolo lanu likhale theka ndi theka, likapendekera mbali ina nalonso limapendekera.

Njira imene ndimatsata panopa, imene sinandikhumudwitsepo, ili chonchi. Ndimaika botolo lopanda kanthu pasikelo n'kubweza sikelo pa ziro. Ndimalonga masamba mmene ndikufunira, n'kuthira madzi wamba mpaka amize zonse, ndiye ndimawerenga kulemera kwa zonse pamodzi. Tinene yawerenga magalamu 1000. Ndikufuna 2.5 peresenti pamapeto, ndiye mchere ndi magalamu 25. Ndimakhuthulira madziwo m'jagi, kusungunuliramo mcherewo mpaka osaonekanso pansi, kenako kubwezera m'botolo. Ngati madziwo anali magalamu 400, ndiye kuti pa kulemera kwa madzi ndapanga 6.25 peresenti, nambala yomwe ingaoneke yaikulu kwa wina, koma ndi imene botolo lothinana limafuna. Akanakhala magalamu 600 ikanakhala pafupifupi 4.2. Mwaona eti, peresenti ya pa madzi imasintha koma komwe tikupita ndi kumodzi.

Wina anena kuti nanga nkhaka si madzi okhaokha, pali 5 peresenti ija yomwe si madzi, komanso mcherewo ukuwonjezera kulemera. Zoona, koma pa manambala ang'onoang'ono chonchi kusiyana kwake n'kochepa zedi, sikungasinthe zotsatira. Kumbukirani mfundo imeneyi chifukwa tikafika pa nsomba iyamba kuluma.

Kabichi wodulidwa bwino safuna n'komwe madzi owonjezera, mumangomuyeza, kuthira mchere 2 mpaka 2.5 peresenti ya kulemera kwake, kumufinya mpaka atulutse madzi ake amene amumize. Ndi masamu omwewo, kungoti madzi onse achokera mkati. Ndipo masamba a viniga ndi nkhani ina, kumeneko asidi mwathira nokha kuchokera m'botolo la viniga wa 5 peresenti, mchere umangokometsa, musasakanize malamulo a mbali ziwirizi.

Mukatseka botolo, chilichonse chizikhala pansi pa madzi, tsinjirizani ndi kanthu koyera kosachita dzimbiri, ndipo chivindikiro musamange kwambiri chifukwa mumatuluka mpweya. Pakatha masiku awiri kapena atatu muyamba kuona tithovu tikukwera, madzi achita mbuu ngati mwadonthezamo mkaka, nkhaka zasiya kubiriwira kowala kuja. Zimenezo ndi zabwino, musataye. Kanthu koyera kopyapyala koyala pamwamba ngati kansalu kamakhala yisiti, sikoopsa koma kachotseni chifukwa kamadya asidi n'kuwononga kakomedwe. Chuku chaubweya, chobiriwira, chakuda kapena chapinki, fungo la chowola, masamba oterera ofeweratu, zimenezo tayani osalawa. Kutentha kwabwino ndi madigiri 18 mpaka 24. Kukapitirira 27 nkhaka zimakonda kufewa ngakhale mchere muuyeze bwino, ndiye pezani malo ozizirirapo. Mukafuna kutsimikiza ndithu, timapepala toyezera pH timakuuzani ngati mwatsika pansi pa 4.6, ndipo zosasa bwino zimatsika mpaka pansi pa 4.

Tsopano nsomba, kumene nkhaniyi imasintha nkhope. Nsomba ilibe shuga wokwanira woti mabakiteriya abwino apangire asidi, ndiye palibe asidi wobwera kudzakupulumutsani. Chimene chikugwira ntchito ndi mchere weniweniwo, kuzizira, ndi kuumitsa kapena kuwamba kumene kukubwera pambuyo. Manambala amakula, ndipo akakula m'pamene funso loti "peresenti ya chiyani?" limakhala lalikulu.

Pali njira ziwiri zowerengera zomwe zonse anthu amangozitchula kuti peresenti. Yathu ija ndi mchere pa kulemera kwa madzi okha. Inayo, yomwe mabuku a zamafakitale ndi zipangizo zoyezera amakonda, ndi mchere pa kulemera kwa madzi ndi mchere pamodzi. Magalamu 50 mu lita ndi 5 peresenti kwa ife, kwa iwo ndi 50 pa 1050, yomwe ndi 4.8, kusiyana kosadetsa nkhawa. Koma magalamu 200 mu lita ndi 20 kwa ife, kwa iwo ndi 200 pa 1200, yomwe ndi 16.7. Apa mpata wakula. Mukafuna kusintha nambala yawo kuti ikhale yathu, chitani chonchi:

peresenti ya pa madzi = yawo ÷ (100 − yawo) × 100

Madzinso ali ndi malire, samwa mchere mpaka kalekale. Pa madigiri 20 lita imodzi imasungunula magalamu pafupifupi 360, ukapitirira apo mchere umangokhala pansi, mutakase mpaka dzanja litope. Kwa ife ameneyo ndi 36 peresenti, kwa anzathu aja ndi 26.4. Kuwiritsa madzi sikusintha zambiri, madzi owira amangofika cha pa magalamu 390, kutentha kumangofulumizitsa kusungunuka. Ndiye wina akakuuzani kuti pangani madzi a 30 peresenti, mwadziwiratu kuti akuwerengera pa madzi, chifukwa mwa njira inayo 30 sizingatheke n'komwe.

Okonza nsomba zowamba amagwiritsa kachipangizo koyandama kotchedwa salomita, komwe kamawerenga madigiri kuyambira 0 pa madzi wamba mpaka 100 pa madzi okhuta mchere aja. Madzi amene amakonda poviika nsomba asanaiwambe ndi a madigiri 80, omwe ndi 21 peresenti mwa njira yawo. Mukaisintha, 21 kugawa ndi 79 kuchulukitsa ndi 100 ikupatsani 26.6 peresenti, kutanthauza pafupifupi magalamu 266 pa lita imodzi ya madzi. Tsono taganizani munthu wawerenga "21 peresenti" n'kuthira magalamu 210 mu lita monga anazolowera pa nkhaka. Wapanga madzi a madigiri 66 okha osati 80, kenako waviika nsomba kwa mphindi zomwe anauzidwa, ndipo nsombayo yatuluka ndi mchere wopelewera iye osadziwa. Palibe chimene walakwitsa pa kuwerengera, walakwitsa posafunsa kuti peresentiyo ndi ya chiyani.

M'madzi amphamvu chonchi simudikira kuti mkati ndi kunja zifanane ayi, mukadikira nsomba singadyekenso. Apa wolamulira ndi wotchi. Mchere umalowa kuchokera kunja kupita pakati, ndipo chimene anthu sachiyembekezera n'chakuti mnofu ukanenepa kawiri nthawi yake siiwirikiza kawiri koma pafupifupi kanayi. Kamnofu kopyapyala ka sentimita imodzi kamangofuna mphindi 10 kapena 15, chidutswa chochindikala chitha kufuna ola lathunthu. Khungu limachedwetsa mchere, mafutanso amachedwetsa, ndiye nsomba yonona imafuna nthawi yotalikirapo kuposa yopanda mafuta ya msinkhu womwewo. N'chifukwa chake ndimati zidutswa za m'beseni limodzi zizikhala zofanana kunenepa, mukasakaniza zing'onozing'ono zidzawawa mchere zazikulu pakati pasanalowe kanthu. Madzi azikhala ochuluka, ngati malita awiri pa kilogalamu ya nsomba, ndipo muzitakasa pakatikati chifukwa madzi oyandikana ndi mnofu amasukuluka msanga. Mukavuula, tsukuluzani pang'ono ndi madzi oyera, muziike pamalo ozizira opita mphepo mpaka pamwamba pachite kunyezimira n'kumamata pang'ono mukakhudza, pamenepo m'pamene utsi umagwira bwino. Madzi otsalawo musabwereze tsiku lina, asukuluka kale ndipo muli magazi ndi zoterera za nsomba.

Kwa amene wotchi imawavuta pali njira yachiwiri, yomwe ndi yofanana ndi ya botolo la nkhaka lija, kudikira kuti zifanane. Ubwino wake nsomba singapitirire mchere ngakhale muchedwe kuivuula. Tiyeni tiwerengere. Muli ndi mnofu wa nsomba yopanda mafuta ambiri kilogalamu imodzi. Mnofu woterewu ndi madzi pafupifupi 80 peresenti, ndiye mkati muli magalamu 800 a madzi. Mukuthira lita imodzi. Madzi onse pamodzi ndi magalamu 1800. Mukufuna kuti pamapeto mchere m'madzi a mu mnofumo ukhale 3.5 peresenti, nambala imene bungwe la ku Amereka loona za zakudya ndi mankhwala limagwiritsa pa nsomba zowamba zolongedwa m'mapaketi ochotsedwa mpweya pofuna kutchinga botulizimu. Iwo amawerengera mchere pa madzi ndi mchere pamodzi, ndiye mwa njira yathu ndi 3.6 ndi kakang'ono, ndipo pa magalamu 1800 mukupeza mchere magalamu 65. Ndiye mu lita yanu ija musungunulamo magalamu 65, kutanthauza madzi a 6.5 peresenti. Mukanangopanga 3.5 pa lita yokhayo, magalamu 35, nsomba ikanathera pansi pa 2. Kamsampha komwe kaja, kavala malaya ena.

Njira imeneyi imatenga tsiku lathunthu kapena awiri kutengera kunenepa kwa zidutswa, ndipo nthawi yonseyo zikhale m'furiji, madigiri 4 kapena kutsika. Apa ndikunenetsa ndithu chifukwa m'pamene anthu amadwalira. Madzi a 6 peresenti sateteza nsomba pa malo otentha, nsomba imawola mkati mchere usanafike pakati. Ngati mulibe kozizira, njira yodikirayi si yanu, gwiritsani madzi amphamvu aja kwa mphindi zochepa n'kupita nayo pamoto nthawi yomweyo. Komanso 3.5 ija imagwira ntchito limodzi ndi furiji, payokha siisandutsa nsomba kukhala yosunga pashelefu. Mchere wochepa chonchi suphanso nyongolotsi zomwe zimapezeka mu nsomba zina zaziwisi, zimenezo zimafa ndi kuphika kapena kuumitsa mu firiza kwa masiku. Ndipo mchere subweza nsomba yomwe yayamba kale kuwonongeka. Nsomba ngati tuna ndi makerele zikakhalitsa potentha zimapanga hisitamini, poizoni amene sachoka ndi mchere, utsi ngakhale kuphika.

Mudzaonanso chinthu china chosangalatsa mukamayeza nsomba isanalowe ndi itatuluka. M'madzi ofooka ngati a 6 peresenti mnofu umamwa madzi, umatupa pang'ono n'kulemera kuposa poyamba, n'chifukwa chake nsomba yake imakhala yofewa yosauma ikapsa. M'madzi amphamvu zimatembenuka, mnofu umataya madzi, umalimba n'kupepuka. Ndiye kusankha peresenti kukusankhaninso mtundu wa mnofu umene mudye, osati mchere wokha.

Nanga amene akufuna kusunga nsomba miyezi popanda furiji? Pamenepo mukufuna kuti madzi onse a mu mnofu akhute mchere, afike pa malire aja a 36 pa 100. Tawerengerani nokha, kilogalamu ya nsomba ili ndi madzi magalamu 800, kuchulukitsa ndi 36 kugawa ndi 100, mukupeza magalamu 288. N'chifukwa chake osunga nsomba ndi mchere amakonda kunena kuti gawo limodzi la mchere pa magawo atatu a nsomba, magalamu 330 pa kilogalamu, ndi masamu omwewa atangowonjezera kapamwamba kodzitetezera. Apa simuthira n'komwe madzi, mumatumbula ndi kutsuka nsomba, kuyala mchere pansi pa chidebe chapulasitiki kapena chamtengo, nsomba, mchere, nsomba, mchere wambiri pamwamba, n'kutsinjiriza. Pakatha tsiku kapena awiri madzi otuluka mu nsombamo amasungunula mchere n'kupanga madzi amchere okha. Akapanda kumiza nsomba zonse onjezerani madzi okhuta aja, magalamu 360 pa lita, osati madzi ofooka, chifukwa nsomba yotulukira kunja mafuta ake amagwidwa ndi mpweya n'kusanduka achikasu onunkha. Nsomba yamchere yosungidwa potentha ikayamba timadontho tapinki kapena tofiira, amenewo ndi mabakiteriya okonda mchere omwe amabwera ndi mchere wowumitsidwa padzuwa, mchere wambiri suwaletsa iwowo, chowaletsa ndi kuzizira ndi kuumitsa.

Ndipo m'chidebe chotere simufunikanso salomita kuti mudziwe ngati madzi akadali amphamvu. Pisani dzanja loyera mpaka pansi. Mukamva timibulu ta mchere tosasungunuka, madziwo ndi okhuta. Mukapeza pansi pali see, ndiye kuti nsomba yamwa mchere wonse ndipo madzi ayamba kusukuluka, thiranimo wina tsiku lomwelo.